Inagwa Ndi Mbuzi Kapena Njinga?

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Tamanda, anatulukira kwanga ku Chipata Loweruka lina, kope lopindidwa pakati lili m'thumba lakumbuyo. Atamwa madzi, atapereka moni wa onse akumudzi mpaka wa anthu amene sindinawafunse, anatulutsa kope lija.

"Atsibweni, ndalemba nkhani yaifupi. Inu munaphunzitsa Chinyanja zaka zambiri, mungondipenyerako poyambira pokha. Kwinako kuli bwino."

Olemba onse amatero. Kwinako kuli bwino. Ali ngati wodwala amene amauza dokotala kuti mutu wokha ndiwo ukuwawa, pomwe walowa m'chipindamo akutsimphina.

Ndinavala magalasi, n'kuimirira monga ndinkachitira m'kalasi, n'kuwerenga mokweza:

"Linali tsiku lina m'mawa kwambiri pamene kunali kozizira kwambiri ndipo mkamwini amene anali kukhala m'mudzi umene unali pafupi ndi Tamanda anayamba kuchita zokonzeka kuti apite ku Chipata ndi apongozi ake amene anali ndi mbuzi imene anali kufuna kuti akagulitse ndipo iye anatenga njinga imene inali yakale kwambiri ndipo iye anaika mbuzi pa njinga ndipo anapita ndipo pamene anali kupita inagwa ndipo iye anakwiya kwambiri."

Pa mbuzi yoyamba mpweya unandithera. Pa njinga ndinayamba kuona chidima. Pofika pa "anakwiya kwambiri" n'kuti nditagwirira mpando. Amayi a kunyumba anasuzumira pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja.

"Kodi ndi pemphero? Mukafika pa ameni mundiuze, ndiphule nsima."

*

Nsima itatha, amayi anabwera ndi lichero la mtedza umene ankasenda, uja wa njere zikuluzikulu wa Chalimbana. Ndinauza mphwanga kuti awerengenso yekha, pang'onopang'ono, ine ndiziponya njere imodzi m'mbale pa mawu amene anangowabwerezabwereza popanda ntchito.

Chiganizocho n'chimodzi, cha mawu 64, chopanda mpatuliro ngakhale umodzi. Mpumiro ulipo umodzi wokha, kumapeto, ngati chitsime cha kutsidya kwa phiri. "Ndipo" anadya njere 6. "Kwambiri" anadya 4. Banja la "anali", pamodzi ndi abale ake "linali", "kunali", "unali" ndi "inali", linadya 8. Banja la "amene", ndi "umene", "imene" ndi "pamene", linadya 7. "Iye" anadya 3. Zonse pamodzi njere 28.

Mphwanga anayang'ana m'mbale, n'kuyang'ana kope lake.

"Ndiye kuti pafupifupi theka la ndimeyi ndi mawu asanu okha?"

"Mabanja asanu," ndinatero. "Ndipo onsewo ndi alendo odyera pamaliro. Palibe anakumbako manda."

Amayi anatenga mbale ija n'kukhuthulira mtedza m'chiwaya. Anati ndime ya mwanayo yapindula ndithu, yatipatsa chotafuna.

Ndinene pano kuti mphwanga amalemba "cisanu" ndi "cingwe", monga anaphunzirira kusukulu, chifukwa kalembedwe kamene boma la Zambia linavomereza mu 1977 kamalemba c yekha pomwe a kutsidya kwa Mwami amalemba ch. Anada nkhawa kuti mwina vuto ndi limenelo. Ayi. Ndimeyo ukanailemba ndi c kapena ndi ch, mpweya ukanandithera pa mbuzi yomweyo.

*

Kale kumudzi kwathu kunali nyakwawa ina yosakonda mawu ozungulira. Mayi wina anabwera pabwalo kudzadandaula za bambo wa nyumba yoyandikana nayo.

"Anakutani, mayi?"

"Anandichita zoipa kwambiri, mfumu."

"Mayi, kuchita kulibe mtengo pabwalo pano. Ngati anakutsinani, apepesa ndi pakamwa. Ngati anakuwombani mbama, nkhuku. Ngati anakupandani ndi mpini, mbuzi. Ndiye anakutani?"

Mayiyo anawerama, n'kunena motsitsa mawu: "Anandikodola."

Bwalo lonse linati gwedegwede ndi phwete, kupatula mwamuna wa mayiyo, amene anadzambatuka n'kunena kuti mlandu uyambirenso, chifukwa iye kunyumba anauzidwa za mbama.

Nkhani imeneyi ndinamuuza mphwanga chifukwa aneni ake pafupifupi onse ndi a mtundu wa "anandichita". Taonani: anali, anayamba, kuchita, apite, anatenga, anaika, anapita. Mneni aliyense mwa amenewa angalowe m'nkhani ina iliyonse, ya ukwati, ya maliro, ya mpira, osasintha kanthu. Ali ngati malaya a kaunjika olembedwa kuti akwana aliyense, omwe sakhala bwino pa munthu ndi mmodzi yemwe.

Muyeso wake ndi wophweka, ndipo ndinkaugwiritsa ntchito m'kalasi. Mneni wamphamvu ungamuchite ndi thupi anthu n'kumuzindikira. Wofooka sungathe.

"Taimirira," ndinatero. "Undichitire 'anayamba kuchita zokonzeka'."

Anaimirira. Anakanda kumutu. Anagwira m'thumba. Anasuntha phazi limodzi n'kulibweza.

"Ameneyo wataya ndalama," amayi analosera.

"Chabwino. Nanga mbuzi ija anaikweza bwanji panjinga? Usandiuze, undionetse."

Apo mnyamata anagwada pansi, bondo limodzi n'kupanikiza mbuzi yosaoneka, manja akukulunga chingwe kumiyendo, kukoka, kumanga mfundo, mano atalumana.

"Akunjata!" amayi anafuula.

Mawu ake ndi amenewo. Anali m'manja mwake nthawi yonseyi, koma cholembera chinalemba "anaika", ngati mbuzi ndi kapu ya tiyi yoika pathebulo. Kunjata kukutiuza zinthu zitatu nthawi imodzi: kuti mbuziyo sinkafuna, kuti panali chingwe, ndiponso kuti munthuyo anakhetsa thukuta. Ndipo chingwe chikalowa m'nkhani kudzera mwa mneni ameneyu, chikadzaduka kutsogolo wowerenga sadabwa kuti chachokera kuti.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chilankhulo chathu n'cholemera kwambiri pamalo pomwe mphwanga anasaukira. Pitani kumsika wa Kapata m'mawa mukaone ngati pali munthu amene akungonyamula. Mayi wa tomato wasenza dengu, kumbuyo wabereka mwana. Bambo wakwapatira nkhuku. Mwana wafumbata ndalama ya chitumbuwa. Wogulitsa malamba wawakoleka m'khosi. Anyamata akupakira matumba m'galimoto. Wolemba akafika pamenepo n'kulemba kuti "anthu ananyamula katundu", wawaphimba onsewo ndi chiguduli chimodzi. Chimodzimodzi kuyenda. Woledzera amadzandira, mkwatibwi amanyang'ama, wangongole amazemba, wobaidwa ndi minga amatsimphina. Onsewo "anapita".

Tsono "kwambiri". Liwu limeneli ndi ndodo ya mawu olumala. Ukaliona, yang'ana liwu limene lili patsogolo pake, upeza kuti lili ndi mwendo umodzi. Tinawatenga anayi aja mmodzimmodzi. "M'mawa kwambiri" ndi mbandakucha, kapena tambala asanalire kachiwiri. "Kozizira kwambiri" ndi chisanu choluma zala. "Yakale kwambiri" ndi chiphapha cha njinga. Pa "anakwiya kwambiri" tinachedwapo, chifukwa mkwiyo uli ndi mitundu. Wina amalusa, wina amanyanyala, wina amamanga nkhope n'kukhala chete mpaka mawa. Ndinamufunsa kuti wokwiyayo anakwiya bwanji. Anati anangoima, manja m'chiuno.

"Ndiye ulembe zomwezo. Liwu loti kukwiya ulisiye, wowerenga akwiyitsa yekha."

Koma ndisakunamizeni kuti "anali" aliyense ndi wakuba. Pali ntchito imene iye yekha ndiye amaitha, monga kutiuza kuti chinthu chinachitika kale nkhani isanafike pamenepo: anali atanjata kale. Chimodzimodzi "anati" wa pa zokambirana, msiyeni. Ndinawerengapo nkhani ina momwe munthu pofunsa mchere "anabangula", mkazi wake poyankha "anathethetsa mawu", mwana "anang'ung'udza". Ndinatseka bukulo ndi mantha kuti m'nyumbamo muphedwa munthu chifukwa cha mchere.

*

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 tinaphunzira za mneni osadziwa kuti tikuphunzira. Madzulo tinkazungulira wailesi kumvera a Julius Chongo pa pulogalamu yawo ya Poceza M'madzulo, munthu mmodzi akusintha mawu kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu ndi chitsiru. Pawailesi palibe chithunzi, ndiye zonse zinkayenera kuoneka kudzera m'mawu, makamaka m'mvekero. Ngakhale dzina la buku lawo lija, Fumbi Khoboo!, ndi mvekero. A Ernst Wendland, amene anakhala zaka zambiri ku Lusaka akugwira ntchito yomasulira Baibulo, anafufuza ndi kulemba za luso la bambo amenewa.

Ndinalakwitsa pomuuza mphwanga zimenezi madzulo, kenako n'kumusiya yekha ndi nyali. M'mawa anandipeza ndikusukusula, kope lili m'manja, nkhope ikuwala.

"Atsibweni, ndakonza. Tamverani. Tambala kokoliliko! Mkamwini dzambatu! Chitseko kwee! Mbuzi mee! Njinga kwetchekwetche! Pansi khu! Apongozi maso psuu!"

Amayi anatuluka ndi tsache. Ankayesa kuti m'khola la nkhuku mwalowa vumbwe.

Mvekero ndi tsabola. A Chongo ankauyika pomwe nkhani ikutembenukira, atatiyendetsa kaye mwakachetechete, ndipo n'chifukwa chake unkatidzidzimutsa. Ukauyika pa mzere uliwonse, wachitatu sumvekanso, ndipo wofunikira uja, wa kugwa, umamira pakati pa tambala ndi chitseko. Tinagwirizana kuti m'ndime yoyambayi mvekero ukhale umodzi, asankhe yekha. Anaulirira "dzambatu" kwa kanthawi, n'kusunga "khu".

*

Za "ndipo" sindimuimba mlandu mwanayu. Tamanda ndi mishoni yakale, ya mpingo uja wa Adatchi umene unayamba ntchito yake kuno kummawa ku Magwero mu 1899. Ana a kumeneko amakula akumva Buku Lopatulika la 1922 Lamulungu lililonse, ndipo aliyense amene analitsegulapo akudziwa kuti ndime zake zambiri zosimba nkhani zimayamba ndi liwu limeneli. Omasulira ankatsata Chiheberi, chimene chimalumikiza zochitika ndi kachilembo kamodzi komamatira kumayambiro kwa mneni. M'tchalitchi zimamveka zaulemu. Ndiye mwana akagwira cholembera amaganiza kuti kulemba kwenikweni n'kumeneko, mbuzi n'kukwera njinga ngati ikutuluka mu Ejipito.

Koma tamverani munthu yemweyo akusimba nkhani pachigayo. Sanena "anafika ndipo anakhala ndipo anadya". Amati "atafika anakhala pansi n'kudya". Chilankhulo chathu chimalumikiza zochitika m'kati mwa mneni momwemo. Chimene chatha chisanayambe chinzake chimatenga ta: atanjata, atafika. Chimene sichinachitike chimatenga sana: asanalire. Zochitikira pamodzi zimatenga aku: iye patsogolo, iwo akutsatira. Zotsatizana mofulumira zimatenga n'ku: kanaphiriphitha, chingwe n'kuduka. Aliyense mwa amenewa akutiuza kuti chinayamba n'chiti, pomwe "ndipo" amangoti pali chinanso. Mwa asanu ndi mmodzi aja, atatu analowedwa m'malo ndi tizilembo timeneti, ena atatu ndi mpumiro wamba.

Apa mphwanga anagwanso m'mbuna ina. Anamva kuti kubwereza n'koipa, ndiye anaganiza zoti liwu lililonse lisaonekenso kawiri. Njinga itatchulidwa kamodzi, kachiwiri inakhala "kavalo wachitsulo", kachitatu "chombo cha matayala awiri". Mbuzi inakhala "chiweto cha ndevu", kenako "mwini nyanga". Amayi anamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa kuti, "Ndiye kavaloyo anali wa ndani? Ku Tamanda kuli akavalo?"

Njinga ndi njinga. Ukaisintha dzina, wowerenga amayesa kuti yabwera ina. Dzina la chinthu likafunika, libwerezeni osachita manyazi, kapena mungoti "njingayo", "njinga ija". Nthawi zambiri silifunika n'komwe, poti mneni wathu amanyamula kale mwini wake pamphumi. Kubwereza koipa ndi kwa mawu opanda katundu, aja anadya mtedza.

Kulinso kubwereza kwadala, kumene palibe mphunzitsi ayenera kukukhudza ndi cholembera chofiira. Agogo anga ankati akamasimba nthano, Kalulu akayamba ulendo, ankanena kuti anayenda, anayenda, anayenda, mawu akutalikira, ife tulo tikubwera pamodzi ndi kutopa kwa Kalulu. Tsiku lina, nditangoyamba sekondale n'kudziona wophunzira, ndinawauza kuti akanangonena kamodzi. Anandiyang'ana.

"Kamodzi? Ndiye kuti afika msanga. Ukufuna akapeze mkango usanagone?"

Kusiyana kwake n'koti agogo ankadziwa kuti akubwereza. Mphwanga anadziwa za "ndipo" wake mtedza utalowa m'chiwaya.

*

Akuti banja lina linatumiza kalata ya uthenga wa maliro kuwailesi, ndipo woulutsa anaiwerenga monga inalembedwera: "Tikudziwitsa abale onse kuti agogo amene ankasungidwa ndi achimwene amene amakhala ku Katete amwalira."

Theka la abale linapita kumudzi. Theka lina linakwera basi ya ku Katete, n'kuyamba kulira lisanalowe pachipata. Anawapeza achimwene ali pakhonde, akukazinga chimanga. Akuti achimwenewo analira nawo kaye pang'ono asanafunse kuti wamwalira ndani.

Kalatayo inalibe bodza. Vuto n'lakuti pakati pa agogo ndi kumwalira kwawo panalowa "amene" awiri, ndipo mneni atafika anangogwira munthu amene anali pafupi. Akanalemba kuti, "Agogo amwalira. Ndi aja ankasungidwa ndi achimwene a ku Katete," ndalama za basi zikanagula shuga wa pamaliro.

Ndime ya mphwanga ili ndi nthenda yomweyo. Mkamwini akutchulidwa pa liwu la 11, koma chochita chake choyamba chikufika pa liwu la 21, atadutsa m'mudzi ndi pafupi ndi Tamanda. Kenako apongozi akubwera ndi "amene" wawo, mbuzi ndi "imene" wake, njinga ndi wakenso. "Amene" aliyense ndi chitseko chotsegulidwa, ndipo wowerenga amayenda atagwira zitseko zonsezo kudikira kuti zitsekedwe. Zikakwana zitatu, manja amuthera.

Kumasula kwake ndinamuuza kuti atseke kope, andiuze ndi pakamwa zimene zinachitika, chimodzichimodzi, akuwerenga ndi zala. Ananjata mbuzi. Kunkazizira. Ananyamuka. Inagwa. Anakwiya. Zala zisanu. Chala chilichonse chilandire chiganizo chake, mwininkhani ndi mneni wake ataima moyandikana ngati akwati patsogolo pa abusa, popanda wachibale wolowa pakati. Zina zonse, monga zoti mudziwo uli pafupi ndi Tamanda, zidikire ndime yachiwiri. Sizithawa.

Koma pa chala chachinayi ndi pomwe panabuka mlandu waukulu. Ndinamufunsa kuti chinagwa n'chiyani.

"Si mwawerenga, atsibweni? Inagwa."

"Inagwa mbuzi kapena njinga?"

Anatsegula pakamwa n'kutseka. Amayi anati ndi njinga, poti tauzidwa kuti inali yakale. Mnzanga wina wa nyumba yapafupi, amene anabwera kudzabwereka pampu, anati ndi mbuzi, poti njinga ikagwa munthu amagwa nayo ndipo tikanauzidwa za mabala. Anatsutsana mpaka pampu kuiwalika.

Apa pali chinthu chimene wolemba m'chilankhulo chathu ayenera kuchidziwa bwino. Magulu a mayina ndi abwenzi athu. Ukati "chinagwa", "unagwa", "linagwa", kachilembo koyambako kamaloza kale chimene chagwa, ndipo n'chifukwa chake sitifunika kubwereza mayina. Koma mayina awiri a gulu limodzi akakumana m'chiganizo chimodzi, chala cholozacho chimaloza onse awiri. Mbuzi i, njinga i. Nyumba, nkhuku, ndalama, galimoto, zonsezo i. Ndiye usanalembe "inagwa", tayang'ana m'mbuyo uwerenge kuti alipo angati oyankha kuti "ine".

Mankhwala alipo awiri. Ungatchule dzina: mbuzi inagwa. Kapena ungasamutse mmodzi kupita gulu lina, kuti ndime yonse iziyenda yosasokonekera. Ndinati tiisandutse kambuzi. Kanagwa, kanalira, kanathawa, ndipo palibe angaganizire njinga.

"Koma atsibweni, mbuziyo inali yaikulu."

"Titi tonde?"

Tinayesa. "Anagwa." Tsopano oyankha anakhala atatu: tonde, mkamwini ndi apongozi. Zinaipiratu.

Mphwanga anaganiza pang'ono, maso n'kuwala. "Ngati kuchepetsa ndi ka, kukulitsa ndi chi. Tingoti chi..." Analekera pomwepo, koma mochedwa. Amayi anali atagwira kale m'mimba.

"Lemba, mwanawe, lemba! Mkamwini ananjata chimbuzi cha apongozi ake panjinga!"

Mbuzi inachepa tsiku lomwelo, popanda wotsutsa.

Chala chachisanu chinali ndi vuto lofanana. Mkamwini a, apongozi a. "Anakwiya" akuwakwana onse. Ine ndinkayesa kuti wakwiya ndi mkamwini, poti palembedwa "iye". Mphwanga anati ayi, ndi apongozi.

"Apongozi ukuwati iye?"

Anachita manyazi ngati wawatchuladi pamaso. Komatu ulemu womwewo ndi chida cha wolemba. Mkamwini ndi iye, apongozi ndi iwo. "Anamuyang'ana" ndi apongozi kuyang'ana mkamwini, "anawayang'ana" ndi mkamwini kuyang'ana apongozi. Kachilembo kamodzi pakati pa mneni kamathetsa mkangano wonse, n'kutiuzanso kuti wamkulu ndani. Mphwanga anaponya "iye" katatu pomwe sankafunika, n'kulephera kuponya "iwo" kamodzi pomwe ankafunika.

*

Lamulungu madzulo, kope litada ndi zofufuta, anaimirira pakati pa nyumba n'kuwerenga:

"Tambala asanalire kachiwiri, mkamwini anali atanjata kale kambuzi ka apongozi ake pakaliyala. Chisanu chinkaluma zala. Iye ankakankha chiphapha cha njinga kulowera kumsewu wa ku Chipata, iwo akutsatira patali monga mwa mwambo. Pamtsetse wa kudambo kambuzi kanaphiriphitha, chingwe n'kuduka, iko pansi khu! Mkamwini anacheuka. Apongozi anali ataima, manja m'chiuno, akuyang'ana iye, osati kambuzi."

Mawu 52, ziganizo zisanu ndi chimodzi. Sanafupikitse kwenikweni, wachotsa mawu 12 okha, koma taonani zimene zalowa m'malo mwa alendo aja: tambala, kaliyala, chingwe, dambo, ndi mtunda uja umene mkamwini ndi apongozi amasiya pakati pawo poyenda. "Linali tsiku lina" anapita. Nkhani iliyonse imachitika tsiku lina, ndipo kuyamba choncho kuli ngati mlendo amene wapitiriza kunena odi atakhala kale pampando. "Anali" atsala awiri, onse ali pantchito. "Iye" womaliza ndi wadala, ndiye amene wasenza mkwiyo wonse, ngakhale liwu loti kukwiya mulibe.

Sindinakhutire ndi zonse. "Monga mwa mwambo" ndikuona ngati akufotokozera mlendo, pomwe wowerenga wa kuno akudziwa kale chifukwa chimene apongozi akutsalira m'mbuyo. Mphwanga anakana kuchotsa. Anati nkhaniyo akufuna ikawerengedwenso ku Lusaka, kumene akamwini ena amakhala mpando umodzi ndi apongozi kuonera mpira. Ndinamusiya. Nkhani ndi yake.

Amayi nthawi yonseyi anali phee, zimene sizichitika kawirikawiri. Kenako anafunsa:

"Nanga kambuziko kanapezeka?"

"Kali patsamba lachitatu, amayi."

"Bweretsa kuno."

Anatenga kope, n'kubwereka magalasi anga, n'kutsegula patsamba lachiwiri, lija la "kwinako kuli bwino". Anawerenga mizere iwiri chamumtima, milomo ikugwedera, n'kutseka. Anadzuka n'kulowa kuchipinda. Potuluka anali atasenza thumba lonse la mtedza.

Mmawa mwake ndikumuperekeza kokwerera galimoto, ndinamufunsa kuti nkhaniyi anaitenga kuti, poti kunjata kuja anakuchita ngati munthu wozolowera. Anayang'ana kumbali. Mphwangayu anakwatira chaka chatha, ndipo akukhala chikamwini.

"Atsibweni, ikatuluka pawailesi, kodi singasinthidwe kuti ikhale nkhosa?"

"Nkhosa i, njinga i."

"Kankhosa."

"Apongozi ako amamvera wailesi?"

"Ndi yawo," anatero. "Ine ndimangogula mabatire."